Kabokosi kakayamba kulira pansi pa tebulo: batire latha kapena katundu wachuluka?

Aliyense amene anayimapo pamzere m'kashopu kotayipira makalata amaidziwa mphindi imeneyi. Magetsi angoti phethi, fani yaima, ndipo kabokosi kakuda kamene kamakhala pansi pa tebulo kayamba kulira mosalekeza. Wotayipa akuthamangitsa dzanja kuti asunge kalata yofunsira ntchito ya kasitomala, koma asanafike n'komwe, sikilini yada bii. Kabokosi kaja, kamene kanagulidwa kuti zoterezi zisamachitike, kakungolirabe.

Kabokosi kameneka ndi UPS. Ntchito yake si yaikulu monga ambiri amaganizira. Magetsi akathima, imatenga mphamvu ya m'batire la mavoliti 12 limene lili m'kati mwake n'kuisandutsa mavoliti 230 ofanana ndi a pasoketi, kuti kompyuta ikhalebe yoyaka kwa mphindi zochepa, zokwanira kusunga ntchito ndi kuizimitsa mwaulemu. Inveta ya m'nyumba imachita zomwezo, kungoti imakhala ndi mabatire akuluakulu akunja ndipo imapirira maola. Zonse ziwiri zikayamba kulira n'kumagwetsa kompyuta, kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa awiri: batire lakalamba, kapena zinthu zimene zalumikizidwako zaposa mphamvu yake. Kwa munthu amene waima chapatali, mavuto awiriwa amaoneka chimodzimodzi. Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa wina amagula batire latsopano pamene vuto linali pulinta, ndipo wina amataya UPS yabwinobwino imene inkangofuna batire.

Chiyambi cha nzeru pa nkhaniyi ndi kumvetsera kaliridwe. UPS silira mwachisawawa, ndipo kulira kulikonse kuli ndi tanthauzo lake, lolembedwa m'kabuku kamene kamabwera m'katoni, kaja ambiri amataya tsiku loyamba lomwelo. Pa ma UPS ambiri a mtundu wa APC Back-UPS, kulira kanayi pa masekondi 30 alionse kumangotanthauza kuti magetsi athima ndipo batire ndilo likugwira ntchito. Palibe choopsa pamenepo. Kulira kofulumira kotsatizana kumatanthauza kuti batire latsala pang'ono kutha, mwina kwatsala mphindi ziwiri zokha. Liwu limodzi lalitali losadukiza nthawi zambiri limanena kuti katundu wachuluka. Palinso kulira kwina kumene kumasokoneza anthu kwambiri chifukwa kumabwera magetsi alipo: kabokosi kamalira kwa mphindi imodzi, n'kukhala chete maola 5, n'kuyambanso. Kumeneko ndi kupempha batire lina, chifukwa UPS yadziyesa yokha n'kupeza kuti batire silingasenze kanthu. Makampani ena ali ndi kaliridwe kawokawo, choncho kabuku ka UPS yanuyo ndiko kali ndi mawu omaliza.

Koma pali funso limodzi limene limathandiza pa mtundu ulionse. Kodi imalira liti? Ngati ikulira magetsi ali oyaka, makamaka pa nthawi imene wina wayatsa chinthu china, kaikirani katundu. Ngati imakhala chete tsiku lonse n'kugwa nthawi yomweyo magetsi akathima, kaikirani batire.

Tiyerekeze ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza zikalata pamalo ena a malonda ku Chigwa cha Shire, kofanana ndi timashopu tambirimbiri m'dziko muno. Mwini wake anagula UPS yolembedwa 650VA pamene anali ndi kompyuta imodzi yokha. Bizinesi itakula, anawonjezera kompyuta yachiwiri, kenako rauta ya intaneti, kenako pulinta yogwiritsa ntchito inki ya ufa, ija amati tona. Zonsezi analumikiza pa ekisitenshoni imodzi ya mabowo asanu ndi limodzi, ndipo ekisitenshoniyo anaisomeka kumbuyo kwa UPS. Papita zaka zitatu. Tsopano kabokosi kamalira kasitomala akangopempha kusindikiza, ndipo magetsi akathima makompyuta onse awiri amazima pasanathe masekondi 10.

Msampha woyamba uli pa nambala imene yalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni. Anthu akaona 650 amaganiza kuti ndi mawati 650. Ayi. Zilembo za VA zimaimira mavoliti kuchulukitsa ndi maampiya, ndipo pa ma UPS ang'onoang'ono otsika mtengo mawati enieni amakhala pafupifupi magawo 6 mwa 10 a nambala imeneyo. UPS ya 650VA kawirikawiri imatha kusenza mawati 360 kapena 390 basi. Nambala yeniyeniyi imalembedwa mwa tizilembo ting'onoting'ono pa kapepala ka kumbuyo kapena kunsi kwa bokosi, pafupi ndi chilembo cha W. Ogulitsa amakonda kutchula nambala yaikuluyo, koma yoyenera kuwerengera ndi yaing'onoyo.

Tsono tiwerenge katundu wa m'kashopu kaja. Kompyuta ya patebulo ya muofesi, ikakhala pa ntchito, titha kuiika pa mawati 120. Sikilini yopyapyala imadya pafupifupi 25, rauta pafupifupi 10. Kompyuta imodzi ndi sikilini yake ndi mawati 145, ndipo UPS ya mawati 360 imasenza zimenezo popanda kudandaula. Makompyuta awiri, masikilini awiri ndi rauta zikwana 300. Izi zili m'malire ndithu, koma zafika pa magawo 83 pa 100 alionse a mphamvu yonse, pamene amisiri ambiri amalangiza kuti katundu asapitirire 70 kapena 80, kuti pakhale mpata wa nthawi imene makina akoka mphamvu modzidzimutsa, monga poyaka.

Ndiye pabwere pulinta. Pulinta ya tona ikangokhala osagwira ntchito imadya mawati ochepa kwambiri, n'chifukwa chake palibe amene amaikayikira. Koma kuti ufa uja umamatire papepala pamafunika moto. M'kati mwake muli chotenthetsera chimene chimafika pafupi ndi madigiri 200, ndipo pepala limatuluka lofunda chifukwa cha chimenecho. Posindikiza, ngakhale kapulinta kakang'ono kamakoka mawati 300 mpaka 500, ndipo pa kamphindi koyamba kotenthetsa kamatha kukoka oposa pamenepo. Mukawonjezera 500 pa 300 aja mupeza 800, pa kabokosi kamene malire ake ndi 360. Liwu lalitali losadukiza lija likuchokera pamenepa. Makampani opanga ma UPS amalemba poyera kuti pulinta ya tona isalumikizidwe ku mabowo a batire. N'chimodzimodzinso makina a fotokope, a lamineshoni, ayironi, ndi ketulo, imene payokha imadya mawati pafupifupi 2,000. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa chilibe malo pa UPS.

Kuyesa ngati vuto ndi katundu sikufuna chida chilichonse. Zulani zonse kumbuyo kwa UPS, n'kuisiya pasoketi ili yoyaka kwa maola osachepera 8 kuti batire lidzaze. Kenako lumikizani chinthu chimodzi chopepuka, monga babu kapena fani yaing'ono, ndipo muzimitse swichi ya pakhoma ngati kuti magetsi athima. Kuzimitsa swichi n'kwabwino kuposa kuzula pulagi, chifukwa waya wa ethi umakhalabe wolumikizika. Babu likakhala loyaka kwa nthawi yaitali, wonjezerani sikilini, kenako kompyuta imodzi imene mulibe ntchito yosasungidwa, n'kumayesa chimodzimodzi pa sitepe iliyonse. UPS imene ikusunga kompyuta imodzi kwa mphindi 8 kapena 10 koma n'kukuwa mukawonjezera zina ilibe matenda, yangosenzetsedwa mopyola. Koma imene ikugwa ndi kompyuta imodzi yokha, kapena ndi babu lomwe, ikunena za batire.

Kashopu kathu kaja kali ndi mavuto onse awiri, ndipo izi sizachilendo. Pulinta itachotsedwa, kulira kwa magetsi alipo kudzatha. Koma kompyuta imodzi yokhayo idzazimabe magetsi akathima, chifukwa zaka zitatu za kutentha ndi katundu wolemera zalitheratu batire.

Batire la m'kati mwa UPS yaing'ono ndi kanjerwa kakuda kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono, kolembedwa 12V 7Ah, kapena 9Ah pa zina. Ndi la mtovu ndi asidi, mtundu umene Mfalansa Gaston Planté anautulukira m'chaka cha 1859, ndipo ndi mbale wake wa batire la galimoto, kungoti ili ndi lomata, losathiramo madzi. M'kati muli zipinda 6, chilichonse chopereka mavoliti opitirira pang'ono 2. Batire likamapereka mphamvu, pa timapale ta mtovu pamamera mchere woyera wotchedwa salifeti, ndipo likamatchajidwa mcherewo umasungunukanso. Likakhala nthawi yaitali lisanadzazidwe, mchere uja umauma gwa n'kukana kusungunuka, ndipo mbali imeneyo ya kapale imakhala yafa. Nthawi yomweyo mtovu umadyeka pang'onopang'ono, chinyontho cha m'kati chikuuma. Palibe chimene chingaimitse zimenezi. Opanga amati batire lotere limakhala zaka 3 mpaka 5, ndipo akatswiri amaliwerengera kuti latha likatsika kufika pa magawo 80 pa 100 a mphamvu imene linali nayo lili latsopano, chifukwa likafika apo limagwa mofulumira.

Zaka 3 mpaka 5 zimenezo zili ndi mfundo imene ogula ambiri sauzidwa. Zimawerengedwa pa chipinda chozizira bwino, cha madigiri 20 mpaka 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wa batire umadulidwa pakati. Ganizirani za kashopu ka malata kopanda siling'i ku Nchalo kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala, kumene kunja kumafika madigiri 40, UPS ili pansi pa tebulo, yopanikizidwa kukhoma, mapepala ataunjikidwa pamwamba pake kutseka timabowo topumira. Batire limene likanatha zaka 4 mu ofesi yozizira ku Dedza likhoza kutha pasanakwane zaka ziwiri.

Chachiwiri chimene chimafupikitsa moyo wake ndi kuthimathima kwa magetsi. Batire lotere limapirira kukhuthulidwa mpaka pansi maulendo 200 kapena 300 basi. Kumaiko kumene magetsi amathima kawiri pachaka, maulendo amenewa satha n'komwe, batire limafa ndi ukalamba. Kuno nkhani ndi ina. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankathima maola ochuluka tsiku ndi tsiku. UPS imene inkasiyidwa kulira mpaka kuzima yokha tsiku lililonse inatha kudya maulendo ake onse m'chaka chimodzi. Choipitsitsa n'chakuti kachaja ka m'kati mwa UPS n'kofooka, kamafuna maola 6 mpaka 8 kapena kuposa kuti kadzaze batire. Magetsi akabwera maola atatu n'kuthimanso, batire limayamba ulendo wotsatira lili theka, ndipo salifeti amapeza mpata wouma.

N'chifukwa chake chizolowezi chopitiriza kutayipa UPS ikulira, kufuna kumaliza tsamba limodzi lokha, n'chodula kwambiri. Kabokosi aka sikanapangidwire kugwirira ntchito mu mdima. Kusunga ntchito, kuzimitsa kompyuta, kenako kuzimitsa UPS yomwe pasanathe mphindi ziwiri kumalisiya batire likadali ndi mphamvu yambiri, ndipo batire limene silikhuthulidwa kwambiri limapirira maulendo ochuluka zedi.

Pofuna kudziwa zaka za batire, poyambira ndi lisiti ya tsiku logula. Mabatire ena amakhala ndi deti losindikizidwa pamwamba, ngakhale kuti kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Amene UPS yawo ndi ya APC ndipo yalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe cha USB akhoza kuifunsa yokha, ngati anaika pulogalamu ya apcupsd:

```
apcaccess status
```

Pa mizere imene imatuluka, LOADPCT imasonyeza kuchuluka kwa katundu poyerekeza ndi malire, TIMELEFT mphindi zimene UPS ikuganiza kuti ingapirire, ndipo BATTDATE tsiku limene batire linaikidwa, ngati woikayo anakumbukira kulisintha. Koma ma UPS ambiri a m'timashopu alibe bowo la USB, ndipo kwa amenewo choyezera ndi mita ya amisiri a magetsi.

Apa pali chinyengo chimene chimagwetsa ngakhale anthu odziwa ntchito. Mmisiri amatsegula UPS ili pamagetsi, n'kuika mita pa batire, n'kuona 13.6, n'kunena kuti batire lili bwino. Nambala imeneyo si ya batire, ndi ya chaja, imene imasunga mavoliti pakati pa 13.5 ndi 13.8 kaya batire ndi lamoyo kaya lakufa. Kuti muone zoona, batire lichotsedwe n'kupumula maola angapo. Lodzaza bwino limasonyeza 12.7 kapena kuposerapo pang'ono. Limene likusonyeza 12 yokha pambuyo potchajidwa usiku wonse silikulandira moto, kapena chaja ndiyo yafa. Limene lili pafupi ndi 10.5 kawirikawiri lili ndi chipinda chimodzi chakufa, ndipo palibe mankhwala ake.

Komabe ngakhale 12.7 si umboni wokwanira. Mita sikoka mphamvu, imangosuzumira. Batire lokalamba lili ngati mjigo umene m'chitsime mwake madzi akuoneka, koma paipi yake yatsekeka ndi dzimbiri: mukapopa pang'ono madzi atuluka, mukafuna kudzaza mgolo msanga palibe chimene chibwera. Ndipo UPS imapopa mwamphamvu kwambiri. Kuti ipereke mawati 150 ku kompyuta, poganizira kuti gawo lina la mphamvu limatayika ngati kutentha, imakoka maampiya pafupifupi 16 kuchokera ku kanjerwa kaja. Batire latsopano likakokedwa chotero limatsika ndi theka la voliti, n'kupirira mphindi pafupifupi 10. Lokalamba, limene njira zake za m'kati zathina, limatha kutsika ndi mavoliti awiri kapena kuposa m'kuphethira kwa diso. UPS ikaona kuti lafika cha pa 10.5 imaganiza kuti latha, n'kulira, n'kuzima. Katundu akachoka, batire limadzukanso kufika pa 12 ndi kanthu, ngati kuti silinalakwe chilichonse.

Nambala ya 7Ah nayonso imanamiza. Imawerengedwa pokoka pang'onopang'ono kwa maola 20, ndipo mukakoka mofulumira mumapeza zochepa kwambiri. Mjeremani Wilhelm Peukert anafotokoza khalidwe limeneli m'chaka cha 1897. Tanthauzo lake m'kashopu kaja n'lakuti kuwonjezera kompyuta yachiwiri sikungodula mphindi 10 kukhala 5. Pa mawati 300 batire limakokedwa maampiya opitirira 30, ndipo ngakhale latsopano limapirira mphindi zitatu kapena zinayi zokha.

Mayeso oona, tsono, ndi olisenzetsa katundu batire. Amisiri ambiri amagwiritsa ntchito babu la kutsogolo kwa galimoto la mawati 55, limene limakoka maampiya pafupifupi 4 ndi theka. Amalilumikiza ku batire lodzaza, mita ili pomwepo, wotchi ili m'manja. Batire labwino la 7Ah limakhala cha pa mavoliti 12 kwa mphindi zambiri ndipo limayatsa babulo nthawi yoyandikira ola lathunthu lisanafike pa 10.5, pamene mayeso ayenera kuimitsidwa. Likatsika kufika pa 11 m'mphindi zisanu zoyambirira, babu n'kuyamba kufiira, ntchito yake yatha. Babu limeneli limatentha kwambiri, choncho liikidwe pa simenti, osati pa mapepala.

Nthawi zina maso okha amakwanira. Batire lotupa m'mbali, long'aluka, lokhala ndi ufa woyera pa mitu yake, lotentha polikhudza kapena lonunkha ngati dzira lovunda lisayesedwenso. Lichotsedwe.

Potsegula UPS pafunika kusamala kwenikweni, chifukwa chida ichi chimapanga mavoliti 230 ngakhale chitazulidwa kukhoma. Chizimitsidwe kaye pa batani lake, chizulidwe, ndipo mphete ndi wotchi yachitsulo zivulidwe, popeza chitsulo chikagunda mitu iwiri ya batire nthawi imodzi chimafiira ngati khala. Ma UPS ena ali ndi kachitseko ka batire kunsi, ndipo mwini wake akhoza kusintha yekha: waya wofiira ku mutu wa +, wakuda ku mutu wa −. Amene amafuna kumasula bokosi lonse ndi bwino kuwapereka kwa mmisiri, chifukwa zida zina za m'kati zimasunga moto ngakhale zonse zitazimitsidwa.

Pogula latsopano, nyamulani lakalelo. Mavoliti afanane, kukula kufanane, ndiponso timitu tosomekapo mawaya, pakuti tilipo ta mitundu iwiri, topapatiza ndi totambalala, ndipo waya wosomekedwa mogwedera umatentha. Pemphani wogulitsa ayeze batire inu mukuona. Batire la mtovu limataya mphamvu lokha likakhala pashelefu, ndipo limene lakhala chaka m'sitolo yotentha osatchajidwa limakhala lokalamba kale ngakhale pulasitiki yake ikunyezimira. Lisagulidwe ngati likusonyeza pansi pa 12.5. Kulemera nakonso kumaulula: batire lopepuka modabwitsa poyerekeza ndi lakale lili ndi mtovu wochepa. Ngati UPS ili ndi mabatire awiri olumikizana kupanga mavoliti 24, asinthidwe onse pamodzi, chifukwa lakale limakoka latsopano kupita nalo kumanda. Ndipo likaikidwa, tengani cholembera mulembe mwezi ndi chaka pa kapepala, mumate pabokosi. Kachinthu kakang'ono aka kadzayankha funso lonse tsiku limene kabokosi kadzayambenso kulira.

Pali nzeru ina yofala imene iyenera kukanidwa: kutulutsa mawaya kunja n'kulumikiza batire la galimoto kuti UPS ipirire maola. Zimaoneka ngati zatheka masiku oyamba. Koma zida za m'kati mwa UPS yaing'ono, imene nthawi zambiri ilibe ngakhale fani, zinapangidwa kuti zigwire ntchito mphindi zochepa, batire laling'ono n'kutha zisanatenthe kwambiri. Zikakakamizidwa kwa ola lathunthu zimapsa, nthawi zina ndi moto weniweni. Kachaja kake sikangadzaze batire lalikulu chotero, ndipo batire la galimoto silinapangidwire kukhuthulidwa mpaka pansi, komanso limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa. Pa ma UPS ena mawaya a batire amatha kugwira munthu shoko bokosi likakhala pamagetsi. Wofuna kugwira ntchito maola ambiri mu mdima akufunika inveta ndi batire lopangidwira ntchito imeneyo.

Inveta nayo imalira pa zifukwa ziwiri zomwezi, ndipo masamu ake ndi omwewa. Batire la 12V 100Ah lili ndi mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi papepala. La mtovu siliyenera kukhuthulidwa kupyola theka, ndiye patsala 600, ndipo inveta ikadyapo gawo lake patsala pafupifupi 500. Kompyuta ya mawati 150 iyenda maola atatu ndi pang'ono. Ngati dongosolo limene linkapirira maola atatu tsopano likulira patangotha mphindi 20 ndi katundu yemweyo, batire ndilo lakalamba, kapena silikudzaza, monga zimachitikira ndi sola m'miyezi ya mitambo.

Koma pa inveta pali wolakwa wachitatu amene amabisala: mawaya. Inveta ya mavoliti 12 ikamapereka mawati 1,000 imakoka maampiya pafupifupi 100, ndipo mawaya opyapyala, aatali, kapena omangidwa mogwedera pa mitu yadzimbiri amadya mavoliti panjira. Batire likhoza kukhala pa 12.2 pamene inveta ikulandira 10.8, ndipo idzalira kuti batire latha. Kuyeza pa mitu ya batire, kenako pa mitu ya inveta, katundu ali woyaka, kumaulula zimenezi. Kusiyana kukapyola theka la voliti, kapena waya ukamafunda, konzani mawaya musanagule chilichonse. Pa mabatire othira madzi, onaninso ngati timapale tamira, ndipo muwonjezere madzi a batire okha, osati a pampopi kapenanso asidi.

Chilipo china chimene chimachitika batire lili labwino, katundu ali wochepa: magetsi akathima kompyuta imazima n'kuyakanso yokha, pamene mababu a m'nyumba angophethira. Uku ndi kuchedwa kusintha. Kompyuta ya patebulo imapirira kusowa magetsi kwa kanthawi kochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 60 a sekondi. UPS imasintha mofulumira kuposa pamenepo, koma mainveta ena a m'nyumba amachedwa. Ambiri ali ndi swichi kapena malo osankhira olembedwa UPS, ndipo kuika pamenepo kumathetsa vutoli. Makompyuta ena amakono amakananso magetsi okhakhala amene mainveta ndi ma UPS otsika mtengo amapanga, ndipo amafuna chida cholembedwa pure sine wave pakatoni. Momwemonso UPS imene ikungolira n'kusiya, kulira n'kusiya, pamene jenereta ikuyenda kapena madzulo mababu akamayaka mofooka, ikukana magetsi osakhazikika n'kumathawira ku batire, ndipo batirelo limatha osapeza nthawi yodzaza.

M'kashopu ka ku Chigwa cha Shire kaja, mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa kugula bokosi lina. Pulinta ipite ku soketi yakeyake ya pakhoma. Pa UPS patsale kompyuta imodzi, sikilini yake ndi rauta, mawati pafupifupi 155, osakwana theka la malire. Kompyuta yachiwiri idikire UPS yakeyake, kapena zonse zisamukire ku ina yaikulu ya 1,200VA kapena 1,500VA. Batire latsopano la 12V 7Ah liikidwe n'kutchajidwa usiku wonse lisanayesedwe, bokosi lichoke pakona pafumbi n'kukhala pamalo popita mphepo, ndipo kamodzi pa miyezi itatu swichi ya pakhoma izimitsidwe dala kuti aone ngati mphindi zija zikadalipo.

Batire lakale lisaponyedwe kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto, ndipo ana asaliswe kufuna mtovu wa m'kati. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana ngakhale utalowa m'thupi pang'ono chabe. Libwezeni kwa wogulitsa mabatire kapena kwa amene amagula mabatire akale kuti akawakonzenso, lili lathunthu, losang'ambidwa.